Drafuti: Mfumu Youluka ndi Mfumu ya Phazi Limodzi

Nkhani ya madzulo ano iri ya drafuti, masewera amene amuna amasewera pa makonde a masitoro, m'misika ndi m'makomboni, kuyambira ku Limbe kufikira ku Kitwe ndi ku Bulawayo. Bolodi lake kawirikawiri limakhala thabwa lolembedwa ndi penti, ndipo ana ake ndi zitsekerero za mabotolo, zina zogadamika, zina zovundikirika. Anthu awiri ochokera ku madera osiyana akhoza kukhala pansi ndi kusewera mwamtendere kufikira mwana woyamba atafika ku mzere wotsiriza ndi kusanduka mfumu. Pamenepo ndi pamene mkangano umabuka. Wina amati mfumu iyenda chipinda chimodzi chokha, kutsogolo kapena kumbuyo. Mnzake amati mfumu iuluka, ipita kutali m'mene ifunira malinga njira iri yosatseka.

Palibe wonama mwa awiriwa, pakuti malamulo onse awiri alipo. Mfumu ya phazi limodzi ndi ya drafuti ya ku Mangalande, imene a ku Amerika amaseweranso. Mfumu youluka imapezeka m'drafuti ya Apwitikizi, ya ku Spain, ya ku Russia ndi ya ku Tanzania, ndiponso m'drafuti yaikulu ya zipinda 100 imene amasewera ku Falansa ndi ku Holland. M'misika ya kuno ambiri amatsata lamulo la mfumu youluka. Koma chimene anthu okanganawo sazindikira msanga ndi chakuti kusiyana kwao sikunayambe pamene mfumu inabadwa. Kunayamba pa kusuntha koyamba, chifukwa munthu wodziwa masewerawa amafola ana ake molingana ndi mfumu imene akuiyembekeza.

Kuti nkhaniyi imveke, omvera amene ali ndi bolodi pafupi alitenge, ndipo zipinda zipatsidwe maina. Bolodi liri ndi zipinda 64, koma masewera amachitika pa zipinda zakuda 32 zokha, ndipo aliyense amayamba ndi ana 12. Wosewera amene ayamba kusuntha atchedwa Woyamba, mnzake atchedwa Wachiwiri. Woyamba aike bolodi kotero kuti ngondya yakuda ikhale ku dzanja lake lamanzere. Kuchokera kumanzereko kupita kumanja, mizere yoimirira ipatsidwe malemba a, b, c, kufikira h. Ndipo mizere yopingasa iwerengedwe 1 kufikira 8, kuyambira kwa Woyamba kunka kwa Wachiwiri. Motero ngondya ya kumanzere kwa Woyamba ndi a1, ndipo ngondya yopenyana nayo, kwa Wachiwiri, ndi h8. Zipinda zisanu ndi zitatu zondondozana kuchokera pa a1 kufika pa h8 ndizo njira yaitali koposa pa bolodi lonse, ndipo m'nkhani ino itchedwa mseu waukulu.

Mfumu ya phazi limodzi ikafuna kuchoka pa h8 kupita pa a1 iyenera kusuntha kasanu ndi kawiri, ndipo mdani amaiona ikubwera. Imadya mwana amene wayandikana nayo yekha, ngati chipinda cha kuseri kwake chiri chopanda munthu. Mfumu youluka imayenda ulendo womwewo kamodzi. Imadya mwana amene ali patali, malinga pakati palibe wina wotsekereza ndipo kuseri kwake kuli mpata. Itadya, imasankha chipinda chotera mwa zipinda zopanda munthu za kuseriko, ndipo ikapeza wina pa njira yomweyo kapena yopingasa imapitiriza kudya. Chifukwa cha ichi aphunzitsi a drafuti ya mfumu youluka amawerengera mfumu imodzi monga ana atatu, pamene m'drafuti ya ku Mangalande mfumu siifika pa mtengo wa ana awiri.

Mau okha sakwanira kuonetsa kusiyanaku, kotero nachi chiyambi cha masewera chimene omvera angachiyese pa bolodi. Kusuntha kwake n'kololedwa m'malamulo onse awiri, ndipo chiyenda chimodzimodzi ngakhale kumene ana amaloledwa kudya chambuyo, monga ku Russia. Lamulo limodzi lokha liyenera kusungidwa, lakuti munthu akapatsidwa mwana ayenera kudya.

Woyamba asuntha mwana wa pa c3 kupita pa d4, ndipo Wachiwiri ayankha ndi wa pa f6 kupita pa g5. Woyamba asuntha wa pa g3 kupita pa h4. Tsopano mwana wa pa g5 ali pa ngozi, pakuti kuseri kwake, pa f6, kuli mpata. Wachiwiri atseka mpatawo ndi mwana wa pa g7. Woyamba asuntha wa pa a3 kupita pa b4, monga munthu wopanda cholinga. Wachiwiri ayang'ana ana ake, aona kuti pa g7 patsala popanda munthu, natulutsa mwana wa pa ngondya, kuchokera pa h8 kupita pa g7. Kusuntha kumeneku kuoneka kwanzeru. Ana ake anai, pa g5, f6, g7 ndi h6, akhala pamodzi mogwirana, ndipo palibe mmodzi yemwe amene angadyedwe pa nthawi imeneyo.

Tsono Woyamba aponya nyambo yoyamba: mwana wa pa b4 apita pa c5. Wachiwiri ayenera kudya, ndipo njira iri imodzi yokha. Mwana wa pa b6 sangalumphe chifukwa pa d4 pali munthu, kotero adya ndi wa pa d6, amene atera pa b4. Woyamba aponya nyambo yachiwiri: mwana wa pa d4 apita pa e5. Apanso palibe kusankha. Wa pa f6 alumpha natera pa d4. Ana awiri a Woyamba apita, koma taonani chimene chatsala. Pa f6 pali mpata, pa h8 pali mpata. Mwana wa pa h4 alumpha wa pa g5, atera pa f6, alumphanso wa pa g7, natera pa h8, ndipo asanduka mfumu pa kusuntha kwachisanu ndi chimodzi kwa masewera.

Omvera aime pamenepa ndi kuwerenga. Aliyense watsala ndi 10. Woyamba ali ndi mfumu pa h8, mwana pa e3, ndi ana asanu ndi atatu a m'mizere iwiri ya kumbuyo, amene sanasunthe n'komwe. Wachiwiri ali ndi ana awiri amene anakokedwa ndi nyambo, pa b4 ndi pa d4. Ali nawo ena pa b6 ndi pa h6, pa a7, c7 ndi e7, ndi atatu a kumbuyo pa b8, d8 ndi f8. Nthawi yosuntha ndi ya Wachiwiri. Kufikira pano malamulo awiri aja ayenda njira imodzi, ndipo kuyambira pano asiyana.

Poyamba mfumu ija ikhale ya phazi limodzi. Wachiwiri sada nkhawa kwenikweni. Asuntha mwana wa pa b6 kupita pa c5, ndipo ana ake atatu, pa b4, c5 ndi d4, atetezana: mwana wa Woyamba wa pa e3, amene anafuna kudya wa pa d4, alibenso potera. Nanga mfumu? Iri pa ngondya, ndipo chipinda chimodzi chokha chimene ingapondepo ndi g7. Ikapitirira kufika pa f6, mwana wa pa e7 aidya. Kuti ikhudze mwana wa pa d4 iyenera kusuntha katatu, pa g7, pa f6 ndi pa e5, isanadye kachinai, ndipo pa f6 paja siingadutse yamoyo. Ikakhala chete pa h8, Wachiwiri akhoza kuipha pa mtengo wa mwana mmodzi: asuntha wa pa f8 kupita pa g7, mfumu ikakamizidwa kudya, itera pa f6, ndipo wa pa e7 aidya. Mmodzi wapita, mmodzi wapita. Woyamba wapeza chisoti cha ufumu msanga, koma chisoticho chikhala m'khola, ndipo masewera adakali aatali.

Tsopano ana abwezedwe pa malo omwewo, koma mfumu ikhale youluka. Wachiwiri ayese yankho lomwe lija, b6 kupita pa c5. Mfumu iri pa h8 iyang'ana mseu waukulu: pa g7, f6 ndi e5 palibe munthu, pa d4 pali mwana, ndipo kuseri kwake, pa c3, kuli mpata. Iuluka, idya wa pa d4, itera pa c3. Itatera iona wa pa b4 ali pambali pake ndi mpata kuseri kwake; imudya, itera pa a5. Ana awiri apita pa kusuntha kumodzi. Wachiwiri akayesa nzeru ina ija, yopereka mwana pa g7 kuti aphe mfumu, zinthu ziipiratu, pakuti mfumu youluka siima pa f6 kudikira imfa. Idya wa pa g7, ipitirira pa mseu womwewo kudya wa pa d4, ikhota pa c3 kudya wa pa b4, ndipo Wachiwiri atsala ndi 7 pamene mnzake ali ndi 10. Yankho labwino koposa limene angapeze, monga kusuntha wa pa b6 kupita pa a5 kuti atseke kuseri kwa wa pa b4, limtayitsabe mwana mmodzi, ndipo mfumu ikhalabe yamoyo pa mseu waukulu.

Malo ndi amodzi, ana ndi omwewo, koma kusuntha kumene kunapulumutsa munthu m'lamulo loyamba kwamuononga m'lamulo lachiwiri. Cholakwa cha Wachiwiri chinali pa kusuntha kwake kwachitatu, pamene anachotsa mwana pa h8. M'drafuti ya ku Mangalande kutulutsa mwana wa pa ngondya imeneyi msanga ndi chizolowezi cha akatswiri, ndipo ziyambi zambiri zodziwika za m'mabuku ao zimatero. Ngakhale m'drafuti ya mfumu youluka mwana ameneyu sayenera kukalambira pa ngondya, chifukwa pamenepo sagwira nchito. Kusiyana kuli pa mtengo wa kulakwitsa nthawi yake. Kumene mfumu iyenda phazi limodzi, munthu wotsegula chitseko pa nthawi yolakwika amalipira pang'ono, ndipo nthawi zina salipira konse. Kumene mfumu iuluka amalipira masewera onse. Wachiwiri akadasuntha wa pa b6 kupita pa c5 pa nthawi ija, m'malo mwa kutulutsa wa pa ngondya, Woyamba akadakakamizidwa kudya ndi wa pa d4, Wachiwiri akadabweza ndi wa pa a7 nadya awiri, ndipo msampha ukadatha usanatchedwe.

Kodi ngozi yotere munthu angaione bwanji isanamgwere? Zizindikiro zake zinali poyera. Choyamba chinali mwana wa mdani pa h4, wogundana ndi wa pa g5. Chachiwiri chinali chakuti chitetezo chonse cha wa pa g5 chinali pa mwana mmodzi, wa pa f6, ndipo mwana ameneyu anali woti akhoza kukokedwa ndi nyambo. Wosewera wochenjera safunsa kokha kuti, "Kodi mwana wanga ali wotetezedwa?" Amafunsanso kuti, "Kodi amene akumteteza angakakamizidwe kudya ndi kuchoka pa malo ake?" Ndipo asanachotse mwana aliyense pa mzere wa kumbuyo amayesa m'maganizo kuika mfumu ya mdani pa chipinda chimene chitsale chopanda munthu, nayang'ana njira zopendekeka zochokera pamenepo kufikira kumapeto kwa bolodi. Munthu wozolowera mfumu ya phazi limodzi amayang'ana zipinda zoyandikana zokha, ndipo diso lake limaima pamenepo. Ndicho chifukwa chake amagwa msanga akakumana ndi anthu a m'misika, ngakhale atawaposa m'zina zonse.

Za mzere wa kumbuyo pali chiphunzitso chakale cha m'drafuti ya ku Mangalande chimene chithandiza m'malamulo onse awiri. Mwa ana anai a kumbuyo, awiri ndiwo alonda enieni: kwa Woyamba ndi wa pa c1 ndi wa pa g1, kwa Wachiwiri ndi wa pa f8 ndi wa pa b8. Omvera akachotsa ana ena onse ndi kusiya awiri a pa c1 ndi g1, aona kuti mwana wa mdani wobwera yekha sangalowe. Akafika pa b2 kapena pa d2, wa pa c1 amudya. Akafika pa f2, wa pa g1 amudya. Akafika pa h2, njira yake iri yotseka. Kuti alowe ayenera kubwera ndi mnzake woima kumbuyo kwake, monga pa e3, wotseka potera. Wosewera wa mfumu ya phazi limodzi amasunga alondawa kanthawi, koma saopa kuwatulutsa akafuna ana ochuluka pakati pa bolodi, pakuti amadziwa kuti mfumu ya mdani idzataya nthawi yaitali ikuyenda pofuna kugwira ana ake chakumbuyo, ndipo m'nthawi imeneyo iyenso adzakhala atapeza yake. Wosewera wa mfumu youluka alibe ufulu wotere. Ana ake amene adutsa kale pakati alibe pothawira mfumu yotere, makamaka akaima motayana, mwana apa, mpata apo, monga anaimira a pa d4 ndi b4 aja.

Koma mfumu youluka iri ndi chofooka chake, ndipo amene amaitamanda kwambiri amachiiwala. Lamulo lokakamiza kudya limaigwira iyonso, ndipo popeza imaona patali, nyambo ingaikidwe patali. Pa chiyambi cha masewera, ana akadali ambiri, zipinda zoterapo zimakhala zochepa, kotero mfumu imakokedwa mosavuta kupita kumene siifuna. Chitsanzo chiri m'masewera omwe aja. Mfumu itadya awiri ndi kutera pa a5, Wachiwiri asuntha mwana wa pa c7 kupita pa b6. Mfumu iyenera kudya, ndipo potera pali pamodzi pokha, pa c7, chifukwa pa d8 pali munthu. Itatera, wa pa d8 aidya. Woyamba atsala ndi 9, Wachiwiri ndi 7. Pamenepa Woyamba sanataye kanthu, popeza mfumu yake inafa itagwira kale nchito. Koma akadaigula ndi ana atatu, natenga awiri okha, ndipo mfumuyo ikadagwidwa isanadye, akadatsala wochepa. Chifukwa chake munthu wofuna kupereka ana kuti apeze mfumu msanga ayenera kuwerenga zinthu ziwiri asanayambe: chimene mfumu idzadya pa kusuntha kwake koyamba, ndi chipinda chimene idzapumulapo. M'mphepete mwa bolodi, pafupi ndi mzere wa kumbuyo wa mdani umene udakali wodzaza, ndi malo oipa koposa.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene imadabwitsa ambiri, ndipo iri ya kumapeto kwa masewera, ngakhale imalamulira chiyambi. Munthu angayese kuti kumene mfumu iri yamphamvu, wokhala ndi mafumu ambiri apambana msanga. Zoona zake n'zosiyana. M'drafuti ya phazi limodzi mafumu awiri amagonjetsa mfumu imodzi. Imodziyo imathawira ku ngondya ya zipinda ziwiri, monga g1 ndi h2, nimasuntha uku ndi uku, koma awiriwo amaitulutsamo ndi kuitsekera. Mafumu atatu amagonjetsanso awiri, ngati wosewera adziwa njira yake. Kotero m'masewera amenewa kuposa mnzako ndi mwana mmodzi kuli pafupi ndi kupambana. Woposayo amangosinthana mmodzi kwa mmodzi, 8 ndi 7 asanduke 5 ndi 4, kenaka 2 ndi 1, ndipo nkhani yatha. Ndicho chifukwa chake chiyambi cha drafuti ya ku Mangalande chimakhala cha umbombo. Mwana aliyense amawerengedwa monga ndalama ya msonkho, ndipo katswiri sapereka mmodzi asanaone bwino lomwe kumene adzambwezere.

M'drafuti ya mfumu youluka mafumu awiri sagwira mfumu imodzi yosamala, chifukwa imathawa kutali pa kusuntha kumodzi. Ngakhale atatu saigwira ngati imodziyo yatenga mseu waukulu. Imangoyenda pakati pa a1 ndi h8, kupewa zipinda zimene mdani akuziyang'ana, ndipo masewera amatha molepherana. Atatuwo amapambana pokhapokha mmodzi wa iwo atayamba kukhala pa mseuwo. Pamenepo pali njira yofolera mafumu atatu ndi kupereka nyambo, imene imadziwika ndi dzina la Alexander Petrov, Mrasha amene anasindikiza buku la drafuti m'chaka cha 1827. Malamulo a ku Russia amapatsa mwini mafumu atatu kusuntha 15 kuti atsirize nchitoyo, ndipo akalephera masewera amayesedwa olepherana. Pa bolodi la zipinda 100 mpata wothawira ndi waukulu koposa, kotero kuti kawirikawiri pafunika mafumu anai kuti agwire imodzi.

Zimenezi zimasintha maganizo a wosewera kuyambira pachiyambi. Amene watsogola ndi mwana mmodzi sangathamangire kusinthana monga angachitire m'drafuti ya ku Mangalande, pakuti kusinthana kulikonse kumatsegula bolodi, ndipo bolodi lotseguka limapatsa mdani njira yofikitsa mwana mmodzi ku ufumu. Mwana mmodziyo akafika ndi kutenga mseu waukulu, phindu lonse la poyamba lapita. Woposayo ayenera kusunga alonda ake, kupanikiza ana a mnzake kuti asowe posuntha, ndi kusinthana pokhapo pamene kusinthanako sikutsegula njira. Amene watsalira nayenso sataya mtima. Amayang'ana mbali ya bolodi imene mdani wachepetsako ana, ndipo amalola kupereka awiri kuti mmodzi adutse. Motero m'masewera a mfumu youluka osewera amasamala kwambiri kuti mbali zonse ziwiri za bolodi zikhale ndi ana okwanira, chifukwa mbali yopyapyala ndiyo imaboola. Amasamalanso za mwini mseu waukulu. Mwana amene watsala pa a1 kapena pa h8 amaletsa mfumu ya mdani kuyenda momasuka pa mseuwo, ndipo ichi ndi chifukwa china choganizira kawiri asanamtulutse, monga Wachiwiri uja anaphunzirira mochedwa.

Kusiyana kwina kwa malamulo kumaonjezera pa zimenezi, ndipo n'koyenera kukutchula mwachidule. Kumene ana amadya chambuyo, mfumu yolowa pakati pao imakhala pa ngozi yochuluka, ndipo nyambo zimakoka ana kubwerera kumene anachokera, kotero misampha ya pachiyambi imachulukanso. Kumene ana amadya kutsogolo kokha, monga ku Tanzania ndi kwa Apwitikizi, mfumu youluka imene iri kumbuyo kwao imayenda popanda woiopseza, kupatula ana amene adakali pa mizere ya kumbuyo. Kwina lamulo limati pakakhala njira ziwiri zodyera munthu ayenera kutenga ya ana ambiri, monga m'drafuti ya zipinda 100 ndi ya Apwitikizi. Kwina amasankha yekha. Ndipo alipo akuluakulu amene amasungabe mwambo wakale wolanda mwana amene waiwala kudya, m'malo mwa kumkakamiza. Mwambo umenewu unachotsedwa m'malamulo a mipikisano, ndipo umaononga misampha yambiri yokongola.

Chotero alendo awiri asanafole ana ao, mafunso oyenera kugwirizana ali anai: kodi mfumu iuluka, kodi mwana adya chambuyo, kodi kudya n'kokakamiza, ndipo kodi pali lamulo la kudya ambiri. Yankho la funso loyamba ndilo liuza munthu ngati pa kusuntha kwachitatu angachotse mwana wa pa h8 ndi mtima wokhazikika, kapena ayambe wawerenga zipinda za pa g7, f6, e5 ndi d4 kufikira pa c3. Omvera amene adakali ndi bolodi pamaso pao angayese kubwereza masewera aja atasinthana mipando, ndipo pa kusuntha kwachitatu Wachiwiri ayese wa pa b6 kupita pa a5, aone m'mene Woyamba angapulumutsire mwana wake wa pa b4.